Mpira Wowonjezera pa Lotale: Funsani Kaye Mgolo Umene Wachokera

Lachiwiri pa 1 Disembala 2020, makina a lotale ya PowerBall ku South Africa anatulutsa nambala zimene zinadabwitsa dziko lonse: 5, 6, 7, 8, 9, kenako mpira womaliza 10. Anthu 20 anagawana jakipoti, aliyense n'kupita ndi marandi pafupifupi 5.7 miliyoni. Ambiri anakuwa kuti pachitika chinyengo, poti nambala sizingatuluke mondondozana chonchi ngati ana a sukulu pamzere. Koma masamu amanena kuti nambala zimenezi zinali ndi mwayi wofanana ndi zina zilizonse, womwe ndi 1 mwa 42,375,200.

Amalawi ambiri amene ali ku Joni amawadziwa masewera awiri a kumeneko, Lotto ndi PowerBall, chifukwa matikiti ake amagulidwa pa kauntala imodzi. Onse awiri ali ndi mpira wowonjezera umene umatuluka pomaliza, ndipo kwa woonera pa wailesi yakanema mipira iwiriyi imaoneka ngati ikugwira ntchito imodzi. Sizili choncho. Wa Lotto sukhudza jakipoti ngakhale pang'ono, pamene wa PowerBall umaitalikitsa ka 20. Kusiyanaku kukuchokera pa chinthu chimodzi: kodi mpirawo watuluka mu mgolo womwe mwatuluka inzake, kapena uli ndi mgolo wakewake? Tiwerengere limodzi, pogwiritsa ntchito malamulo a masewerawa monga analili mu 2020.

Kuwerenga matikiti onse otheka

Mwayi wa lotale umapezeka poyankha mafunso awiri. Loyamba: pali matikiti angati osiyanasiyana amene munthu angalembe? Lachiwiri: mwa amenewo, ndi angati amene angapate mphoto imene tikuifunayo? Tikagawa yankho loyamba ndi lachiwiri, tapeza mwayi. Ponena kuti tikiti pano tikutanthauza mzere umodzi wa nambala, osati pepala lonse limene lingakhale ndi mizere ingapo.

Tiyambe ndi kamasewera kakang'ono. Mu mgolo muli mipira 6, ndipo inu mukusankha nambala ziwiri. Yoyamba mungaisankhe m'njira 6, yachiwiri m'njira 5 poti imodzi yapita kale. Kuchulukitsa 6 ndi 5 kukutipatsa 30. Koma amene walemba 1 ndi 4 ali ndi tikiti yofanana ndi ya amene walemba 4 ndi 1, choncho tikiti iliyonse taiwerenga kawiri. Tikagawa 30 ndi 2, tikupeza matikiti 15. Amene akukayika atenge pepala awalembe onse, adzathera pa 15.

Lotto ya mu 2020 inali chimodzimodzi, kungoti yaikulu: mipira 52, nambala zosankha 6. Timachulukitsa 52 × 51 × 50 × 49 × 48 × 47, zomwe zikutipatsa 14,658,134,400. Nambala 6 zingasanjidwe m'njira 6 × 5 × 4 × 3 × 2 × 1, kapena kuti 720, ndipo lotale siyang'ana kuti yayamba kutuluka ndi iti. Tikagawa ndi 720, tikupeza matikiti 20,358,520. Imodzi yokha mwa amenewa ndi imene ili ndi nambala zonse 6, ndiye mwayi wa jakipoti ndi 1 mwa 20,358,520.

Amene ali ndi kakyuleta ya kusekondale angapeze yankho lomweli pa batani lolembedwa nCr. Pa kompyuta, mu Excel, amalemba motere:

```
=COMBIN(52,6)
```

Bonasi yochokera mu mgolo womwewo

Mipira 6 ikatuluka, makina a Lotto amatulutsanso wachisanu ndi chiwiri pa mipira 46 yotsala. Umenewu ndiye mpira wa bonasi. Wosewera sausankha, pa tikiti yake pali nambala 6 basi. Ndipo amene wapeza zonse 6 alibe nawo ntchito, chifukwa pa tikiti yake sipanatsale malo oti bonasi ikhalepo. N'chifukwa chake mwayi wa jakipoti sukusuntha.

Ntchito ya bonasi ili kwa anthu amene aphonya pang'ono. Tibwerere ku kamasewera kathu ka mipira 6 kaja. Tinene kuti nambala zopambana ndi 1 ndi 2, ndipo bonasi ndi 3. Matikiti amene apeza nambala imodzi yokha alipo 8: 1 limodzi ndi 3, 4, 5 kapena 6, komanso 2 limodzi ndi 3, 4, 5 kapena 6. Mwa amenewa, awiri ndi amene ali ndi bonasi, omwe ndi 1-3 ndi 2-3. Otsala 6 alibe. Bonasi sinawonjezere tikiti yatsopano, ndipo sinachotse iliyonse. Yangotenga gulu la matikiti 8 n'kuling'amba pawiri, 2 uku 6 uku. Jakipoti ikadali 1 mwa 15.

Tsopano tichite zomwezo pa Lotto yeniyeni, pa gulu la anthu amene apeza nambala 5. Kuti tikiti ikhale ndi nambala zopambana 5, iyenera kusiya imodzi mwa 6 zija, ndipo yosiyidwayo ingakhale iliyonse, kutanthauza njira 6. Malo amene atsala ayenera kudzazidwa ndi imodzi mwa nambala 46 zimene sizinapambane. Matikiti oterewa alipo 6 × 46, omwe ndi 276.

Mwa nambala 46 zija, imodzi yokha ndi bonasi. Matikiti okhala ndi zisanu kuphatikiza bonasi alipo 6 × 1, omwe ndi 6. Tikagawa 20,358,520 ndi 6, mwayi ukubwera 1 mwa 3,393,087. Matikiti okhala ndi zisanu popanda bonasi alipo 6 × 45, omwe ndi 270, ndipo mwayi wake ndi 1 mwa 75,402. Anthu awiri angakhale kuti onse apeza nambala 5, koma mmodzi ali m'gulu losowa ka 45 kuposa la mnzake, ndipo mphoto zawo zimasiyana kutali. Ichi ndicho cholinga cha eni masewera: kupanga mphoto yachiwiri yaikulu bwino pakati pa jakipoti ndi mphoto wamba, popanda kupempha wosewera kuti asankhe nambala ina.

Pano pali njira yodziyesera ngati mwawerenga bwino. Magulu awiri ong'ambidwawo akaphatikizidwa ayenera kubwezera gulu loyamba lija: 6 kuphatikiza 270 ndi 276. Zikapanda kukwana, penapake mwalakwitsa. Ambiri amalakwitsa polemba 46 pamene pakufunika 45, kuiwala kuti bonasi yachotsedwa kale pa nambala zolephera.

Lotto ya ku South Africa imalipiranso amene wapeza zinayi ndi bonasi, ndipo njira yake ndi yomweyi. Nambala 4 zingasankhidwe pa 6 m'njira 15. Malo amodzi mwa awiri otsala ndi a bonasi, enawo ndi a iliyonse mwa nambala 45 zolephera. Matikiti ndi 15 × 45, omwe ndi 675, ndipo mwayi ndi 1 mwa 30,161.

Cholakwa chachikulu chimene anthu amachita pa masewera a mtundu uwu ndi kutenga 20,358,520 n'kuchulukitsa ndi 46, poganiza kuti bonasi ndi chopinga china chimene munthu ayenera kudumpha atapeza kale zisanu ndi imodzi. Yankho limatuluka loposa 936 miliyoni. Chizindikiro choti yankholi ndi lolakwika chili poyera: mphoto yachiwiri singakhale yovuta kuposa jakipoti, komanso mwayi wa tikiti imodzi sungatalike kuposa chiwerengero cha matikiti onse otheka. Ngati matikiti onse alipo 20,358,520, palibe mphoto imene ingapitirire pamenepo.

Mpira wokhala ndi mgolo wakewake

PowerBall inamangidwa mwina. Mu 2020 wosewera ankasankha nambala 5 pakati pa 1 ndi 50, kenako n'kusankha ina imodzi pakati pa 1 ndi 20 pa bokosi lina la pepala lomwelo. Pochita maere pamakhala migolo iwiri, ndipo zotuluka mu mgolo woyamba sizikhudza wachiwiri. Nambala 7 ingatuluke konse kuwiri usiku umodzi, chinthu chimene sichingachitike pa Lotto.

Mgolo woyamba timauwerenga monga tachitira kale: 50 × 49 × 48 × 47 × 46 ndi 254,251,200, ndipo tikagawa ndi 120, zomwe ndi njira zosanjira nambala 5, tikupeza 2,118,760. Mgolo wachiwiri uli ndi njira 20. Nanga tiphatikize kapena tichulukitse? Mayi amene ali ndi zitenje 4 ndi maduku 3 angatchene m'njira 12, osati 7, chifukwa chitenje chilichonse chingapite ndi duku lililonse. N'chimodzimodzi pano. Gulu lililonse la nambala 5 lingapite ndi mpira uliwonse mwa 20, choncho matikiti onse ndi 2,118,760 × 20, omwe ndi 42,375,200.

Chodabwitsa n'chakuti pa masewera onse awiri munthu amalemba nambala 6, ndipo nambala za PowerBall ndi zocheperapo, 50 ndi 20, pamene za Lotto zimafika 52. Munthu angaganize kuti PowerBall ndiyo yophweka. Koma jakipoti yake ndi yovuta kuposa kawiri. Chifukwa chake n'chakuti nambala yachisanu ndi chimodzi ikamachokera mu mgolo womwewo, ili ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse, kaya poyamba, pakati kapena pomaliza. Nambala 6 zosankhidwa pa 50 za mgolo umodzi zikadapereka matikiti 15,890,700 okha, komwe ndi kuchulukitsa 2,118,760 ka 7 ndi theka. Mgolo wachiwiri umachotsa ufulu umenewu. Nambala yanu yomaliza iyenera kutuluka pa malo ake enieni, ndipo ikatuluka mu mgolo woyamba sikuthandizani. Pamenepa kuchulukitsa kumakhala ka 20 kathunthu.

Amene wapeza zisanu zonse koma waphonya mpira womaliza ali m'gulu la matikiti 19, poti pa mipira 20 umodzi ndi wolondola ndipo 19 ndi yolakwika. Tikagawa 42,375,200 ndi 19, mwayi ndi 1 mwa 2,230,274. Kudziyesa kuja kukugwiranso ntchito pano: tikiti imodzi ya jakipoti kuphatikiza 19 ndi 20, omwe ndi matikiti onse okhala ndi zisanu zolondola. Onani kusiyana kwake ndi Lotto. Kuja bonasi inkakweza munthu amene waphonya. Kuno mpira wowonjezera umatsitsa anthu 19 mwa 20 aliwonse amene apeza zonse za mu mgolo woyamba.

Chifukwa chake 1 mwa 20 imasanduka 1 mwa 35

Pa ndandanda wa mphoto za PowerBall pali mzere umene umasokoneza anthu ambiri. Mphoto yotsika kwambiri ndi ya amene wapeza mpira womaliza wokha, ndipo mwayi wake unalembedwa kuti 1 mwa 35. Wina angafunse kuti, mipira ilipo 20, nanga 35 yachokera kuti? Kodi eni masewera akubisa kanthu?

Palibe chobisika. Mwayi woti mpira wanu womaliza ukhale wolondola ndi 1 mwa 20 ndithu. Koma mzere umenewu ndi wa amene wapeza mpirawo n'kuphonya zisanu zonse za mu mgolo woyamba. Amene wapeza mpirawo limodzi ndi nambala imodzi kapena ziwiri wakwera kupita pa mzere wina wapamwamba, ndipo sawerengedwanso pano.

Kuphonya zisanu zonse nako kuli ndi masamu ake. Nambala zolephera zilipo 45, ndipo nambala zanu 5 ziyenera kuchokera mwa zimenezi zokha. Njira zake ndi 45 × 44 × 43 × 42 × 41 kugawa ndi 120, zomwe ndi 1,221,759. Poyerekeza ndi 2,118,760, apa pali pafupifupi 58 pa 100 aliwonse. Ndiye mwa anthu 100 amene apeza mpira womaliza, 58 ndi amene amatsala pa mzere wotsikawu, ndipo 42 amakwera. Tikagawa 42,375,200 ndi 1,221,759 tikupeza 34.7, imene pa ndandanda anaizungulitsa kukhala 35.

Phunziro lake likugwira pa mzere uliwonse wa ndandanda wa mphoto. Mzere umanena zimene mwapeza, komanso mwakachetechete umanena zimene mwaphonya, ndipo zonse ziwiri ziyenera kulowa m'masamu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene amawerenga zopeza zokha amatuluka ndi mwayi wooneka wabwino kuposa mmene ulili.

Mmene eni masewera amagwiritsira ntchito migolo iwiri

Migolo ikakhala iwiri, eni masewera amatha kusintha umodzi osakhudza unzake, ndipo zimene zinachitika ku America zikusonyeza phindu limene amapezamo. Powerball ya kumeneko inayamba mu 1992. Okutobala wa 2015 asanafike, wosewera ankasankha nambala 5 pa mipira yoyera 59 ndi imodzi pa mipira yofiira 35. Matikiti otheka anali 5,006,386 × 35, omwe ndi 175,223,510.

Mu Okutobala 2015 anawonjezera mipira yoyera kufika 69, n'kuchepetsa yofiira kufika 26. Kuchepetsa yofiira kunachititsa kuti timphoto ting'onoting'ono tizigwa pafupipafupi, poti mpira wofiira wokha umapatsa munthu madola 4 pa tikiti ya madola 2. Mwayi wopata mphoto ina iliyonse unachoka pa 1 mwa 32 kufika pa 1 mwa 25. Koma mipira 10 yoyera yowonjezerayo inakweza mgolo woyamba kufika pa 11,238,513, ndipo tikachulukitsa ndi 26 tikupeza 292,201,338. Masewera anaphweka pansi, n'kulimba pamwamba nthawi imodzi.

Jakipoti ikavuta, imadutsa maulendo ambiri popanda woipata, ndipo ndalama zake zimasunthira ku ulendo wotsatira n'kumakula. Ikakula, ngakhale anthu amene sasewera masiku onse amakaima pamzere wogula matikiti. Patangotha miyezi itatu chisinthireni malamulo, mu Januwale 2016, jakipoti inafika madola 1.586 biliyoni, ndipo inagawidwa pa matikiti atatu ogulidwa ku California, Florida ndi Tennessee. Mu Novembala 2022 inafika madola 2.04 biliyoni, n'kugwera tikiti imodzi ku California. Ndalama zochuluka chonchi sizisonyeza kuti mwayi wakula. Zimasonyeza kuti anthu ochuluka analephera kwa milungu yambiri.

Masewera ena amatulutsa mipira iwiri mu mgolo wachiwiri. EuroMillions, imene imaseweredwa ku Britain ndi mayiko ena a ku Ulaya, kuyambira mu Seputembala 2016 imafuna nambala 5 pa 50 ndi nyenyezi ziwiri pa 12. Mgolo wachiwiri timauwerenga pawokha: 12 × 11 kugawa ndi 2, zomwe ndi 66. Mgolo woyamba ndi wofanana ndi wa PowerBall ya ku South Africa, 2,118,760. Tikachulukitsa tikupeza 139,838,160. Mipira 12 yokha, imene pa pepala imaoneka yochepa kuposa 20, yatalikitsa jakipoti kuposa katatu, chifukwa chongofuna iwiri m'malo mwa umodzi.

Zimene masamuwa sanena

Mwayi umene tawerengawu ndi wa tikiti imodzi pa ulendo umodzi wa maere. Matikiti 10 osiyana amakweza mwayi ka 10, koma pa PowerBall ya ku South Africa kumeneko ndi kuchoka pa 1 mwa 42 miliyoni kufika pa 1 mwa 4.2 miliyoni. Maere ake ankachitika kawiri pa mlungu, Lachiwiri ndi Lachisanu, omwe ndi maulendo 104 pa chaka. Munthu wogula tikiti imodzi ulendo uliwonse angafunike zaka zoposa 400,000 kuti matikiti ake afike pa chiwerengero cha matikiti onse otheka. Ndipo mipira sikumbukira: nambala imene sinatuluke miyezi isanu ili ndi mwayi wofanana ndi imene yatuluka dzulo.

Masamuwa sanenanso kuti mudzalandira zingati. Tikiti iliyonse ili ndi mwayi wofanana, koma anthu sasankha nambala mofanana. Ambiri amakonda masiku obadwa, amene sapitirira 31, ndipo ena amakonda nambala zondondozana kapena zopanga mzere pa pepala. Nambala zoterezi zikatuluka, opata amachuluka ndipo gawo la aliyense limachepa. Ichi n'chifukwa chake ngakhale munthu wolemera atagula matikiti onse 42,375,200 pa marandi 5 iliyonse, zomwe ndi marandi pafupifupi 212 miliyoni, angatsimikize zopata jakipoti koma sangatsimikize kuti aidya yekha kapena kuti ndalama zake zibwerera.

Malamulo a masewerawa amasintha pakapita zaka, ndipo manambala ake amasintha nawo, koma njira yowerengera imakhala yomweyi. Mukatenga pepala la lotale iliyonse, yang'anani ngati mpira wowonjezerawo mukuusankha nokha pa bokosi lakelake, komanso ngati nambala yake ingafanane ndi imodzi mwa zoyamba zija. Ngati yankho ndi ayi, mgolo ndi umodzi: werengani jakipoti ngati kuti bonasi kulibe, ndipo bonasiyo muigwiritse ntchito pong'amba magulu a pansi. Ngati yankho ndi inde, migolo ndi iwiri: werengani uliwonse pawokha, kenako muchulukitse. Mukatero muyerekeze yankho lanu ndi nambala imene yalembedwa pa chikwangwani chotsatsa malonda. Nambala yaing'ono yokopa ngati 1 mwa 25 ndi ya mphoto ina iliyonse, ndipo zambiri mwa mphotozo ndi zotsika kwambiri, zongokwana kugulira tikiti ina imodzi kapena awiri.